Sikelo ikayamba kugwira shoko: kalembedwe ka imelo yodziwitsa oyang'anira malo a ntchito

Pa ntchito yanga yoona za chitetezo cha anthu m'malo a ntchito ndimawerenga maimelo ambiri onena za zinthu zoopsa, ndipo ambiri amafanana kwambiri. Amayamba ndi moni wautali, kenako kufunsa za kunyumba, kenako kupepesa chifukwa chosokoneza, ndipo nkhani yeniyeni imabwera kumapeto m'chiganizo chimodzi chonga ichi: "Ndimafuna kukudziwitsani kuti kuno magetsi sali bwino, mukapeza mpata mudzatione." Mutu wa imeloyo umakhala wakuti "Pempho", kapena sulembedwa n'komwe.

Wolembayo amakhala kuti wanena zoona komanso wasonyeza ulemu. Koma taganizirani amene akulandira. Manijala woyang'anira nyumba ndi zipangizo kawirikawiri sakhala pa desiki. Mwina ali pa msewu wa M1 cha ku Linthipe kuchokera ku Lilongwe, mwina ali ku depoti ina ku Ntcheu, ndipo imelo yanu akuiona pa foni pakati pa maimelo ena ambirimbiri. Ali ndi mmisiri wa zamagetsi mmodzi, galimoto imodzi, ndi madandaulo ochokera mbali zonse. Akatsegula imelo iliyonse amafuna kudziwa zinthu ziwiri: ndimutume kuti mmisiriyu, ndipo kodi ndisiye zina kuti ndithamangire izi? Imelo yakuti "magetsi sali bwino" siyankha ngakhale limodzi mwa mafunsowa. Mawu akuti "mukapeza mpata" amawamva monga mmene mwawalembera, ndipo mpatawo supezeka.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Pa boma la Dedza pali malo osungirako feteleza ndi mbewu, okhala ndi mawelehausi awiri. Ndi nyengo ya mvula, ndipo usiku yagwa yambiri. M'mawa kalaliki wa pa sikelo, mayi amene amalemba matumba olowa ndi otuluka, wapeza madzi atadikha pansi pafupi ndi sikelo yamagetsi. Mnyamata wina wonyamula matumba wakhudza chitsulo cha sikeloyo ndipo wadumpha, akuti yamugwira shoko. Anzake akumuseka. Mmodzi wanena kuti imachita choncho mvula ikagwa, ungoigwira ndi kansalu. Lole yodzatenga feteleza ikuyembekezeka 2 koloko masana.

Mayiwa asanatsegule imelo pali zoti achite kaye, chifukwa imelo siitana munthu pompopompo. Imatha kukhala maola ambiri osawerengedwa. Chinthu chimene chingaphe munthu mu ola lomwelo chimafuna pakamwa, mapazi ndi foni. Choyamba awachotse anthu pamalopo ndi kutchinga ndi chingwe kapena mapaleti. Ngati bokosi la mabuleka lili pouma, likufikika popanda kuponda madzi, ndipo ndi ololedwa kulitsegula, athimitse buleka ya masoketi n'kumatapo pepala lolembedwa kuti wina asayatse. Soketi ya sikeloyo asaikhudze, ndipo pulagi asaizule ataima m'madzi. Kenako aimbire foni kapitawo ndi manijala. Imelo imabwera pambuyo pa zonsezi, ndipo ntchito yake ndi ina: kusiya umboni wolembedwa wokhala ndi tsiku ndi ola, komanso kupereka tsatanetsatane amene mmisiri angamugwiritse ntchito ngakhale asanalankhule nanu. Foni yokha imaiwalika, ndipo pakachitika ngozi aliyense amakumbukira mosiyana zimene zinakambidwa.

Ndifotokoze pang'ono chifukwa chake kashoko kotere sikoseketsa, popeza munthu amene sakumvetsa kuopsa kwake amalemba imelo yofatsa. Magetsi a m'masoketi athu ndi a mavoliti 230. Chitsulo cha kunja kwa sikelo sichiyenera kukhala ndi moto n'komwe. Chikagwira munthu, ndiye kuti moto ukudutsa penapake pomwe suyenera kudutsa, komanso waya wa efi, amene ntchito yake ndi kuuthawitsira pansi, mwina waduka kapena sanalumikizidwe bwino. Munthu wa manja ouma, wovala nsapato za labala, ataima pa simenti youma, amangomva kunyerenyetsa chifukwa thupi lake likutchinga moto wambiri. Munthu yemweyo ali ndi thukuta, wavala patapata, waima m'madzi, moto wodutsa m'thupi mwake umachuluka kwambiri. Madzi a mu welehausi ya feteleza ndi oipa kuposa a mvula wamba, chifukwa feteleza monga CAN ndi NPK akasungunuka amawachititsa kuti azidutsitsa moto mosavuta. Moto wa mamiliampu 10 mpaka 20 okha umatha kuumitsa dzanja moti munthu amalephera kusiya chimene wagwira, ndipo ukapitirira apo umatha kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Apa pali bodza limene ndimalimva kawirikawiri, lakuti "buleka sinagwe, ndiye kuti palibe vuto." Buleka wamba ya masoketi, ya maampu 20 kapena 32, inapangidwa kuti iteteze mawaya kuti asapse. Moto wokwanira kupha munthu ndi wochepa kwambiri moti buleka yotere siuona n'komwe. Chimene chimateteza munthu ndi kachipangizo kena kokhala ndi batani loyesera, kolembedwa RCD kapena RCCB, kamene kamathimitsa moto ukangothawa ndi mamiliampu 30. Nyumba zambiri zakale zilibe kachipangizoka, ndipo m'zina kalipo koma kanafa. Simukuyenera kulemba zonsezi mu imelo. Chofunika n'chakuti mulembe kuti munthu wagwidwa shoko ndipo palibe chinathima chokha. Mmisiri akawerenga chiganizo chimenechi amadziwiratu zoti anyamule.

Tsopano tibwere pa imelo yeniyeniyo, ndipo tiyambe ndi mzere wa `Subject`, chifukwa pa foni ndi umene umaoneka poyamba ndipo umadulidwa ukatalika. Mawu oyambirira ndiwo ayenera kunyamula nkhani. "Pempho", "Chidziwitso" ndi "Dandaulo" sanena kanthu. Mayi athu aja alembe motere: "Sikelo ikugwira shoko, Welehausi B Dedza, pakufunika mmisiri isanakwane 2 koloko lero." Mu mzere umodzi muli choopsacho, malo ake, ndi nthawi. Ngakhale manijala asatsegule imeloyo, wadziwa zokwanira kuti aimbe foni. Ngati ku ntchito kwanu mumalemberana m'Chingerezi, lembani m'Chingerezi, koma dongosolo lake likhale lomweli. Ndipo ngati Chingerezi chikukuchedwetsani, kapena chikukuchititsani kusiya mfundo zina chifukwa mawu ake sakubwera, lembani m'Chichewa. Sindinaonepo manijala wabweza imelo yonena za shoko chifukwa cha chilankhulo.

Nkhani ya malo ndi imene ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa osadziwa. Munthu amene amagwira ntchito pamalo tsiku ndi tsiku amawatchula ndi maina amene iye ndi anzake okha amawadziwa: "pa sikelo", "kuseri", "pomwe timadyera nsima", "ku ofesi yakale". Manijala amayang'anira malo angapo, ndipo ambiri ali ndi sikelo ndi kuseri. Mmisiri amene atumidwe mwina ndi waganyu wochokera kunja, sanafikepo pamalopo, ndipo angafike inu mutapita kukadya, n'kupeza mlonda yekha. Choncho lembani malo ngati mmene mumalondolera mlendo njira ya kumudzi kwanu, kuyambira pa msewu waukulu, kenako pokhotera, kenako mtengo umene sangauphonye. Yambani ndi tauni kapena depoti, kenako nyumba yake, kenako chitseko cholowera, kenako mbali, kenako chinthu chosasuntha chimene chili pafupi, n'kumalizira pa chinthu chenichenicho.

Mawu akuti kumanja ndi kumanzere amasokoneza ngati simunanene kumene munthu wayang'ana. Kumanja kwa wolowa ndi kumanzere kwa wotuluka. Nenani kuti "mukalowa pa chitseko chachikulu choyang'ana kumsewu, kumanja kwanu". Musalondolere ndi zinthu zosuntha. Mulu wa matumba a yureya umene mwautchula m'mawa ukhoza kukhala utakwezedwa mu lole pofika madzulo. Gwiritsani ntchito mizati, mawindo, zitseko, masitepe. Ngati chipangizocho chili ndi nambala ya kampani yomatidwa kapena yolembedwa ndi penti, ilembeni. Ngati mabuleka ali ndi zolemba, tchulani imene mwathimitsa monga mmene yalembedwera, ndipo ngati alibe, werengani kuchokera kumanzere n'kunena kuti ndi yachingati.

Palinso china chokhudza malo chimene anthu ochepa amachiganizira. Choopsa chimodzi chimatha kukhala ndi malo awiri, pamene chikuonekera ndi pamene chikuchokera. M'chitsanzo chathu shoko ikumveka pa sikelo, koma madzi akuchokera padenga, pa lata loonekera lolowetsa kuwala, ndipo akutsetsereka pakhoma mpaka pa soketi. Mukangotchula sikelo yokha, mmisiri adzasintha soketi n'kumapita, mvula ina ikagwa zonse ziyambiranso. Mukatchula malo onse awiri, manijala amadziwa kuti akufunika anthu awiri, wa magetsi ndi wa denga, komanso makwerero. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, zimamuthandizanso kudziwa kuti nkhani ya denga aipititse kwa eni nyumba. Mutchulenso kuti vutolo lili mkati mwa nyumba, chifukwa mawaya a kuseri kwa mita ndi udindo wa mwini malo, osati wa ESCOM. Zikanakhala kuti waya wagwa kuchokera pa polo panja, foni yoyamba ikanapita ku ESCOM.

Kenako pali nkhani ya changu. Njira imene anthu ambiri amaidziwa ndi kulemba mawu akuti "mwamsanga" ndi zilembo zazikulu, n'kuwonjezera zizindikiro zofuula zitatu. Ena amadina `High importance` mu Outlook. Sindikuletsa, koma zimenezi zinatha mphamvu, chifukwa wopempha tona ya pulinta nayenso amalemba chimodzimodzi. Manijala amene wakhalitsa pa ntchito sakhulupirira mawu ofuula. Amakhulupirira mfundo zimene zikumusonyeza yekha kuti nthawi yachepa.

Changu chimapangidwa ndi mayankho a mafunso ochepa. Kodi chikachitika, munthu avulala motani, kukalika chabe kapena kufa? Ndani amafika pamalopo, ndipo ndi angati? Nanga adzafikanso liti? Funso lomalizali ndi limene limaiwalika, pomwe ndi limene limapereka ola. M'chitsanzo chathu, lole ikafika 2 koloko anyamata asanu ndi atatu adzakhala akudutsa pa sikeloyo atasenza matumba a makilogalamu 50, thukuta lili thupi lonse, ndipo dalaivala adzakhala akuwafulumizitsa kuti abwerere kusanade. Pa nthawi imeneyo chingwe chotchinga ndi pepala la pa buleka sizidzalimba. Wina adzanena kuti tingoyatsa kwa mphindi khumi. Ndiye 2 koloko si nthawi imene mayiwa angoisankha pofuna kuopseza bwana. Ndi nthawi imene chitetezo chongoyembekezera chija chidzatha mphamvu, ndipo imelo iyenera kunena zimenezi poyera.

Kuno kwathu pali chinanso chowonjezera changu: kuthimathima kwa magetsi. Magetsi akathima anthu amayesa kuti zonse zafa, amayamba kukolopa, kuzula mapulagi ndi kusuntha sikelo. Koma magetsi sachenjeza pobwera, ndipo ngati pamalopo pali jenereta, wina akhoza kuliza ali kuseri osadziwa kuti mnzake wagwira waya. Ngati pa nthawi imene mukulemba magetsi a ESCOM athima, nenani choncho, ndipo munenenso ngati buleka yathimitsidwa kapena ayi. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Imelo ya mayi aja ikhoza kukhala yotere:

"A Manijala, mwadzuka bwanji. Monga ndakuuzani pa foni 7:50 m'mawa uno, sikelo yamagetsi ya mu Welehausi B kuno ku Dedza ikugwira shoko, ndipo ndikupempha kuti mmisiri wa zamagetsi afike isanakwane 2 koloko masana ano.

Malo ake ndi awa: mukalowa pa chitseko chachikulu choyang'ana kumsewu, sikelo ili kumanja kwanu, pa mzati wachitatu. Soketi yake ili pakhoma kuseri kwa sikeloyo, chotalika kufika m'mawondo. Pamwamba pake denga likudontha pa lata loonekera, madzi akutsetsereka pakhoma kudutsa pa soketi, ndipo adikha pansi mozungulira sikelo.

Cha m'ma 7:40 mmodzi mwa onyamula matumba anakhudza chitsulo cha sikeloyo ndipo chinamugwira shoko. Sanagwe ndipo akuyenda bwinobwino, koma a kapitawo amutumiza kuchipatala kuti akamuone. Palibe buleka imene inagwa yokha. Anzake akuti zimenezi zinachitikanso sabata yatha mvula itagwa, koma ine sindinaone.

Tatchinga malowo ndi chingwe, ndipo a kapitawo athimitsa buleka yachinayi kuchokera kumanzere mu bokosi la pafupi ndi ofesi, n'kumatapo pepala. Soketi ndi pulagi sitinazikhudze. Sitikudziwa ngati buleka imeneyi ikuthimitsa masoketi onse a khoma limenelo.

Lole ikubwera 2 koloko, ndipo anthu asanu ndi atatu akuyenera kukweza matumba kudzera pa sikeloyi. Ngati mmisiri sangafike nthawiyo isanakwane, chonde mutiuze ngati tiimitse kukweza kapena tigwiritse ntchito sikelo ya mu Welehausi A. Denga nalo likufunika kukonza mvula ina isanagwe. Ndaika zithunzi ziwiri. Ndili pamalo pano tsiku lonse, ndipo makiyi a bokosi la mabuleka ali ndi a kapitawo. Zikomo."

Pansi pake alembe dzina lawo, udindo wawo ndi nambala ya foni. Onani kuti ulemu sunachoke. Moni ulipo, "chonde" alipo, "zikomo" alipo. Chimene chachoka ndi kuzungulira. Pempho labwera m'chiganizo chachiwiri, osati m'ndime yomaliza.

Onaninso mmene mayiwa asiyanitsira zimene aona ndi zimene amva. Za sabata yatha azilemba, chifukwa n'zothandiza kwa mmisiri, koma anena kuti sanaone okha. Sanalembe kuti "waya wa efi waduka", ngakhale kuti mwina ndi zoona, chifukwa sanayeze. Munthu akalemba zongoganiza ngati zotsimikizika, mmisiri amabwera ndi zida za vuto limenelo lokha, kapena akapeza kuti si zoona amayamba kukayikira imelo yonse. Chiganizo chakuti "sitikudziwa ngati buleka imeneyi ikuthimitsa masoketi onse" ndimachikonda kuposa zina zonse mu imeloyi, chifukwa chimauza mmisiri kuti ayeze kaye asanagwire kanthu. M'nyumba zimene mawaya anawonjezeredwa pang'onopang'ono ndi amisiri osiyanasiyana, si zachilendo kupeza soketi imodzi ikudya moto kuchokera kwina.

Mu imeloyi mulibe dzina la munthu wolakwa. Mwina mayiwa akudziwa amene anakhoma lata lija molakwika, mwinanso anauzapo kale kapitawo za kudonthako iye n'kunyalanyaza. Mtima umafuna kuzilemba, makamaka munthu akakwiya. Koma imelo ikangokhala ndi mlandu, wolandirayo amayamba kuganiza zoteteza anthu ake kapena kudziteteza yekha, ndipo maola amatha pa kuyankhana m'malo motuma mmisiri. Ngati munanenapo kale, lembani mfundo yokhayo, kuti "kudonthaku ndinakunena Lachinayi lapitali", basi. Za amene analakwitsa zidzakhala ndi nthawi yake sikelo itakonzedwa.

Funso lakuti imelo ipite kwa yani limavutitsa anthu ambiri, chifukwa kwathu kuno kudumpha bwana wako n'kulembera wa pamwamba kumaoneka ngati mwano kapena kuneneza. Njira yosavuta ndi iyi: pa `To` ikani munthu amene ali ndi mphamvu yotuma mmisiri ndi kutulutsa ndalama, ndipo pa `Cc` ikani kapitawo wanu, mutamuuza kale pakamwa kuti mukulemba. Ngati pali woona za chitetezo kapena komiti yake, muwaikenso pa `Cc`. Pa `To` pakhale munthu mmodzi. Imelo yopita kwa anthu khumi nthawi imodzi aliyense amaganiza kuti mnzake ayankha. Kuika akuluakulu a ku likulu pa imelo yoyamba sindikulimbikitsa, pokhapokha ngati malamulo a kampani yanu akutero, chifukwa manijala amaona ngati mwamuneneza asanapatsidwe mpata. `Bcc` isiyeni. Zikadzadziwika kuti munatumiza mobisa, anthu amasiya kukamba za shoko n'kuyamba kukamba za inu.

Zithunzi zikhale ziwiri kapena zitatu: chimodzi chojambula patali chosonyeza chitseko kapena mzati kuti munthu azindikire malo, china chosonyeza chinthucho. Musayandikire choopsa pofuna chithunzi chabwino, kokerani ndi kamera muli patali. Gmail imalola zomata zosapitirira 25 MB, koma vuto lathu lenileni ndi netiweki. Kumadera monga ku Bembeke, ku Lobi kapena ku Tsangano, imelo yolemera ndi zithunzi kapena vidiyo imatha kukakamira mu `Outbox` inu mukuganiza kuti yapita. Mukadina `Send`, tsegulani `Sent` muone ngati ilimo. Ngati netiweki ikuvuta, tumizani mawu okha kaye, zithunzi zitsatire. Kutumiza chithunzi pa gulu la WhatsApp la ku ntchito n'kothandiza pochenjeza anzanu, koma sikulowa m'malo mwa imelo. Pa gulu uthenga umakwiririka msanga ndi mauthenga a maliro ndi a zopereka, ndipo palibe amene amaona kuti walemberedwa iyeyo.

Si choopsa chilichonse chimene chili ngati sikelo ija, ndipo munthu amene amalemba zonse ngati zadzidzidzi amadziphera yekha mawu. Chozimira moto chimene tsiku lake loyezedwa lapitirira, kapena babu lakufa pa khonde limene anthu sadutsa usiku, ndi zoyenera kulembedwa, koma nenani chilungamo kuti zingadikire mpaka Lachisanu kapena sabata yamawa, ndipo mupereke chifukwa chake. Manijala amene waona kuti mumasiyanitsa zinthu, tsiku limene mudzalembe kuti "lero" adzanyamuka. Pa chifukwa chomwechi, musaphatikize sikelo yogwira shoko ndi mpope wodontha wa kuchimbudzi mu imelo imodzi. Kawirikawiri chosavuta ndi chimene chimakonzedwa, ndipo imelo yonse imawerengedwa kuti yatheka.

Nanga akapanda kuyankha? Nthawi imene munaika ija ndi imene ikukuuzani zochita. Mayi athu asadikire 2 koloko. Ikamakwana 11 koloko kuli zii, aimbenso foni, kenako adine `Reply all` pa imelo yomwe ija n'kulemba mizere iwiri: kuti mmisiri sanafike, buleka ikadali yothimitsa, ndipo lole yatsala ndi maola atatu. Kuyankha pa imelo yomweyo kumasunga nkhani yonse pamodzi ndi maola ake. Lole ikafika vuto lisanakonzedwe, sikeloyo isayatsidwe, ndipo alembenso kuti kukweza kwaima kapena kwasamukira ku Welehausi A, ndi amene walamula zimenezo. Apa ndi pamene kuwonjezera bwana wa pamwamba pa `Cc` kumakhala koyenera, ndipo palibe anganene kuti mwadumpha munthu.

Ena amaopa kuti kulemba kotere kuwachotsetsa ntchito, makamaka a kontirakiti ndi aganyu. Manthawa ndi omveka ndipo sindingawapeputse. Koma dziwani kuti lamulo la dziko lino loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa malo a ntchito, la mu 1997, limapatsa olemba ntchito udindo woonetsetsa kuti malo a ntchito ndi otetezeka, ndipo limapatsanso wogwira ntchito udindo wosamala moyo wake ndi wa anzake. Kunena za choopsa ndi mbali ya udindo umenewo. Ngati mkati mwa kampani zakanika, ku Unduna wa Zantchito kuli nthambi yoona za chitetezo ndi umoyo pa ntchito, ndipo poyambira papafupi ndi ku ofesi ya leba ya pa boma. Kumeneko adzakufunsani kuti munauza yani, liti, ndipo anayankha chiyani. Chimodzimodzinso munthu akavulala n'kuyamba nkhani ya chipukuta misozi pansi pa lamulo la mu 2000. N'chifukwa chake ndi bwino kusindikiza imeloyo kapena kuijambula pa foni, popeza imelo ya ku ntchito imatha kutsekedwa tsiku limene munthu wachoka. Sungani yokhudza choopsacho yokha, osati zikalata zina za kampani.

Mmisiri akabwera n'kunena kuti wakonza, mufunseni kuti wapeza chiyani ndipo wachita chiyani, n'kuzilemba pa imelo yomwe ija. Ngati wangoumitsa soketi ndi kukulunga tepi, vuto likadalipo. Zofunika kumva ndi zakuti wayeza efi kuchokera pa chitsulo cha sikelo mpaka ku bokosi la mabuleka, wasintha kapena wasuntha soketi yonyowayo, ndipo wanena ngati RCD ilipo komanso ngati ikugwa akadina batani loyesera. Ngati palibe, zimenezo zilembedwe kuti manijala agule. Chingwe chotchinga chichotsedwe ndi mmisiri kapena kapitawo, osati onyamula matumba chifukwa chakuti lole yafika. Ndipo ngati wa denga sanabwere, lembani kuti mbali ya magetsi yatheka koma ya denga idakalipo, ndipo mufunse tsiku limene abwere. Mvula yotsatira ikagwa, pitani mukayang'ane khoma lija sikelo isanayatsidwe, ndipo mulembe mzere umodzi wonena ngati lauma kapena layambanso kunyowa.